Kuika VPN pa laputopu ya Windows ndi kutsimikiza kuti ikugwiradi ntchito

Mwezi uno wokha anthu anayi andibweretsera laputopu ndi pempho limodzi: "Tandiikirani VPN." Wachisanu anabwera atadziikira yekha, ndipo chimene anaikacho sichinali VPN, chinali pulogalamu yongomutsegulira malonda pa sikirini. Ndiye ndalemba zonse pano kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira. Ngati mumatha kuyatsa laputopu ndi kutsegula intaneti, mukwanitsa.

Kaye timvane za chinthucho. Mukatsegula tsamba lililonse, uthenga wanu umadutsa kwa amene akukupatsani intaneti, kaya ndi kampani ya foni, mwini wayifayi ya pa loji kapena a ku ofesi, ndipo iwo amatha kuona mayina a masamba amene mukupitako. Tsambalo nalonso limaona adiresi yanu ya IP, nambala imene imasonyeza dziko limene muli komanso kampani imene ikukupatsani netiweki. VPN imatenga uthenga wanu wonse, nkuutsekera m'njira yoti wina sangauwerenge, nkuutumiza ku kompyuta ina yotchedwa seva, imene nthawi zambiri ili kunja. Sevayo ndi imene imakafika ku tsambalo m'malo mwanu. Zili ngati kuika kalata mu envulopu yomata nkupatsa mtumiki: a m'njira akungoona kuti mwatuma munthu, olandira akungoona nkhope ya mtumikiyo. Koma mtumikiyo akudziwa kumene mwamutuma. Nchifukwa chake kusankha kampani ya VPN si nkhani yongotola iliyonse.

Ine ndifotokoza za Proton VPN, ya kampani ya ku Switzerland yotchedwa Proton AG. Ndasankha imeneyi chifukwa ili ndi gawo laulere losafuna khadi ya ku banki, ndipo silikuikirani malire a data. Malire ake ndi ena: chipangizo chimodzi pa nthawi imodzi, komanso simusankha nokha dziko, pulogalamu ndi imene imakusankhirani pakati pa maseva aulere. Ngati mwagula VPN ina, masitepe ake ndi omwewa, mayina a mabatani okha ndi amene angasiyane.

1. Onani kaye laputopu yanu

Dinani batani la Start, tsegulani Settings, pitani pa System, kenako About. Pa mzere wa Edition palembedwa mtundu wa Windows umene muli nawo. Ngati pali mawu akuti "in S mode", imani pomwepo. Windows yotere imakana pulogalamu iliyonse yosachokera mu Microsoft Store, ndipo fayilo imene titenge pa sitepe yachitatu siidzatseguka. Kutulukamo nkwaulere, kumachitikira pa Activation mu Settings momwemo, koma mukatuluka simungabwereremo, ndiye ngati laputopu ndi ya eni ake, afunseni. Pa mzere wa System type muonenso ngati palembedwa x64 kapena ARM. Malaputopu ambiri ndi x64.

Kenako yang'anani wotchi ili kumunsi kudzanja lamanja. Malaputopu ambiri amene timagula atagwirapo kale ntchito amabwera kabatire kosunga nthawi katatha, ndiye mumapeza akunena chaka china. Tsiku likalakwika, kulowa mu akaunti kumakanika, ndipo uthenga umene umabwera sukuuzani kuti vuto ndi wotchi. Konzani pa Settings, Time & language, Date & time, ndipo muyatse Set time automatically.

Pomaliza, muyenera kukhala ndi mphamvu zoika mapulogalamu pa laputopuyo. Ngati ndi ya ku ntchito, musaikepo VPN yanuyanu. Funsani a zamakompyuta a kumeneko, chifukwa mwina ali kale ndi yawo.

2. Tsegulani akaunti

Mu bulawuza yanu, kaya ndi Edge, Chrome kapena Firefox, lembani nokha adiresi iyi pa kabokosi ka pamwamba penipeni:

```
protonvpn.com
```

Ndikuti mulembe nokha chifukwa apa ndi pamene mnzanga wachisanu uja anagwera. Analemba "free vpn download" mu Google nkudina choyamba chimene chinabwera. Zoyambazo nthawi zambiri amakhala malonda olipiridwa, ndipo ena amapanga masamba ofanana ndi enieni, dzina litangosiyana chilembo chimodzi.

Tsambalo likuonetsani kaye mitengo ya zolipira, poti nawonso ali pa bizinesi. Fufuzani pamene palembedwa Free. Mulemba imelo yanu ndi kupanga pasiwedi. Ikhale yaitali, mawu anayi kapena asanu osagwirizana, ndipo isakhale imene mumagwiritsa ntchito pa Facebook. Ilembeni m'kope limene limakhala kunyumba. Mukafika pamene akukufunsani nambala ya khadi ndiye kuti mwadina gawo lolipira, bwererani m'mbuyo.

3. Tengani pulogalamuyo

Pa tsamba lomwelo pitani pa Download nkusankha Windows. Ngati pa sitepe yoyamba munaona ARM, tengani ya ARM. Khalani ndi data yosachepera mamegabayiti 200 kuti zisadukire pakati, ndipo ikhale bandulo ya intaneti yonse, osati ya WhatsApp yokha. Fayiloyo ikalowa mu foda ya Downloads, dzina lake likuyamba ndi ProtonVPN, likuthera ndi `.exe`.

Musalandire fayilo imeneyi pa fulashi kapena pa gulu la WhatsApp, ngakhale kwa munthu amene mumamukhulupirira. Iyeyo angakhale wabwino, koma sakudziwa kumene fayiloyo yadutsa. Ndipo aliyense wokuuzani kuti ali ndi VPN yolipira "yothyola" mukaneni. Pulogalamu ya VPN imagwira chilichonse chotuluka mu laputopu yanu, kuipereka kwa munthu wosadziwika kuli ngati kusungitsa mbuzi kwa fisi.

4. Iikeni

Dinani kawiri pa fayilo ija. Sikirini ichita mdima pang'ono ndipo pabwera funso lakuti "Do you want to allow this app to make changes to your device?" Anthu ambiri amangodina Yes osawerenga. Inu werengani mzere wa Verified publisher. Pakhale palembedwa Proton AG. Pakalembedwa Unknown kapena dzina lina, dinani No, futani fayiloyo, mubwerere pa sitepe yachiwiri. Mzere umenewu uli ngati chidindo: umasonyeza amene anapanga fayiloyo komanso kuti palibe anaisintha panjira.

Zotsatirazo nzosavuta, mungodina Next mpaka Install, osasintha foda. Akakufunsani ngati mukufunanso mapulogalamu ena a Proton, mutha kuchotsa zochongazo, sizikhudza VPN. Intaneti ikhoza kuduka kwa kamphindi pamene ikuikidwa, musadabwe. Ngati muli kale ndi VPN ina, yambani mwaichotsa pa Settings, Apps. Ziwiri zikakhala pamodzi zimalimbirana njira, mapeto ake intaneti siyenda.

Mukamayendayenda mu Settings mupeza malo olembedwa VPN pansi pa Network & internet, pali ndi batani loti muwonjezere VPN. Pamenepo mpolembapo adiresi ya seva imene a ku ntchito kapena ku sukulu akupatsani. Pa zimene tikuchitazi simukhudzapo.

5. Musanalumikize, lembani adiresi yanu yeniyeni

Sitepe iyi ndi yotsatirayo ndi zimene ambiri amadumpha, koma popanda zimenezi simungadziwe ngati VPN ikugwira ntchito kapena yangokuonetsani mtundu wobiriwira.

VPN isanayake, tsegulani tsamba la `ipleak.net`. Pamwamba pabwera nambala ya magawo anayi olekanitsidwa ndi madontho, mbendera ya dziko, ndi dzina la kampani ya netiweki. Tiyerekeze kuti muli ku Zomba ndipo laputopu ikutenga intaneti pa foni. Muona mbendera ya Malawi ndi nambala yooneka ngati 203.0.113.25, imene pano ndangoika ngati chitsanzo. Mzinda ukhoza kulembedwa Blantyre kapena Lilongwe inu muli ku Zomba. Zimenezo nzabwinobwino, chifukwa amayerekeza potengera kumene kuli makina a kampaniyo. Tsikirani m'munsi pamene palembedwa DNS Addresses, muonenso mayina ali pamenepo. Lembani zonse papepala kapena jambulani ndi foni.

DNS ndi ngati buku la manambala. Mukalemba dzina la tsamba, laputopu imayamba yafunsa kuti dzina limeneli lili pa nambala iti. Amene akuyankha funso limenelo amadziwa tsamba lililonse limene mwafuna kupitako, ngakhale asaone zimene mwawerengamo.

6. Lumikizani, kenako yesani

Tsegulani Proton VPN, lembani imelo ndi pasiwedi, dinani Sign in. Mukalowa dinani Connect. Pakapita masekondi angapo isonyeza kuti mwatetezedwa ndipo itchula dziko, mwina Netherlands, United States kapena Japan.

Tsopano bwererani pa `ipleak.net` nkudina F5 kuti tsamba liyambirenso. Osangoyang'ana tsamba lakale lija, likuonetsani zakale. Fananizani ndi pepala lanu, ndipo muyang'ane zinthu zitatu.

Choyamba, nambala ya pamwamba ndi mbendera zikhale zitasintha, ndipo dzikolo lifanane ndi limene pulogalamu ikunena. Ngati pulogalamu ikuti Netherlands koma tsamba likuonetsabe 203.0.113.25 ija, simunabisike. Dinani Disconnect, tsekani bulawuza yonse, lumikizaninso, muyeserenso. Zikapitirira, nthawi zambiri pamakhala VPN ina yakale kapena kapulogalamu kowonjezera mu bulawuza kamene kakupatutsa njira.

Chachiwiri, pa DNS Addresses pasapezeke dzina la kampani imene ikukupatsani intaneti. Likapezeka, ndiye kuti katundu akudutsa m'njira yobisika koma mafunso a kumene mukupita akupitabe kwa eni netiweki. Kumeneku ndi kumene amati kudontha kwa DNS. Proton imatseka yokha mpata umenewu, ndiye mukaona zotere ganizirani za munthu amene anakukonzerani laputopu kale, kapena pulogalamu yoteteza ku mavairasi imene ikulanda DNS. Mukaona Google kapena Cloudflare, kawirikawiri ndi bulawuza imene yaikidwa kuti izifunsa kwina. Mu Chrome muzipeza pa Settings, Privacy and security, Security, pamene palembedwa Use secure DNS. Zimitsani pamenepo nkuyesanso.

Chachitatu, pali kagawo kolembedwa WebRTC. Imeneyi ndi njira imene bulawuza imagwiritsa ntchito poimba mafoni a vidiyo, ndipo nthawi zina imaulula adiresi yeniyeni. Mukaona nambala yoyamba ndi 10 kapena 192.168, musade nkhawa, ndi nambala za mkati zimene sizikulozani kumene muli. Chodetsa nkhawa ndi kuona nambala ija munalemba papepala.

Amene akufuna kutsimikiza kuti si bulawuza yokha imene yabisika, adine Start, alembe `cmd`, atsegule Command Prompt, alembe izi nkudina Enter:

```
curl ifconfig.me
```

Nambala imene ibwere ikhale ya seva, osati yanu ija. Ikatero ndiye kuti laputopu yonse ikudutsa mu VPN.

Mlamu wanga wina anakhala miyezi akukhulupirira kuti laputopu yake ndi yobisika chifukwa anayatsa VPN pa foni nkumagawira laputopuyo intaneti kudzera pa hotisipoti. Titatsegula `ipleak.net` tinapeza mbendera ya Malawi ili pompo. Pa mafoni ambiri VPN imateteza za mufonimo zokha, zimene zikudutsa kupita ku laputopu zimalambalala. Chipangizo chilichonse chimafuna pulogalamu yakeyake, ndipo pa gawo laulere kumbukirani kuti ndi chimodzi pa nthawi imodzi: zimitsani pa foni musanayatse pa laputopu.

7. Kill switch, ndi msampha wake

Netiweki yathu imadukaduka. Magetsi akazima, rauta imazima, kapena foni imasiya 4G nkugwera pa 3G. Zikatero VPN imaduka, ndipo Windows siidikira, imangopitiriza kutumiza zinthu panjira yapoyera inu osadziwa. Kill switch ndi loko amene amatseka intaneti yonse VPN ikaduka mpaka italumikizanso. Muipeza mu Settings ya pulogalamuyo, osati ya Windows.

Ilipo mitundu iwiri ndipo kusiyana kwake nkofunika. Standard imatseka intaneti pokhapokha VPN ikaduka mwangozi. Mukadina nokha Disconnect, intaneti imayenda monga kale. Advanced siilola intaneti kuyenda konse popanda VPN, ngakhale mwazimitsa dala, ngakhale mwayatsanso laputopu. Kwa woyamba kumene, ine ndimati Standard.

Chifukwa chake ndi ichi. Mwafika pa loji kapena pa bwalo la ndege, mwalumikiza wayifayi. Wayifayi zambiri za malo otere zimafuna kuti muyambe mwatsegula katsamba kawo nkulembapo nambala ya chipinda kapena kuvomera malamulo. Ndi Advanced, katsambako sikatseguka chifukwa VPN sinalumikize, ndipo VPN singalumikize chifukwa simunadutse pa katsambako. Munthu amakhala pamenepo akukalipira a pa loji kuti wayifayi yawo ndi yakufa, chonsecho wadzitsekera yekha. Njira yake ndi kuzimitsa kill switch, kudutsa pa katsamba kaja, kulumikiza VPN, kenako nkuyatsanso. Ndipo tsiku lina mukadzafuna kuchotsa pulogalamuyi, yambani mwazimitsa kill switch.

Ngati mwasankhabe Advanced, iyeseni muli pakhomo: dinani Disconnect nkutsegula tsamba limene simunatsegulepo lero. Likakana kutseguka, loko akugwira.

8. Nkhani ya bandulo

VPN siikupatsani intaneti yaulere. Ndikudziwa kuti ambiri amaifunira chimenechi, poti anamva kwa anyamata a pa msika. Imayenda pamwamba pa data yanu yomweyo, ndipo imadyako pang'ono kuposa kale chifukwa cha kumata kuja.

Choopsa kwambiri ndi mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha. Kampani ya foni imazindikira kuti mukugwiritsa ntchito WhatsApp poona kumene uthenga ukupita. VPN ikayaka, iwo amangoona uthenga wopita ku seva ina yake, ndiye sangauwerengere pa bandulo ya WhatsApp. Amadula pa bandulo ya intaneti yonse, ndipo ngati mulibe, mwina intaneti iima kapena ayamba kudya mayunitsi anu pa mtengo wokwera. Ngati mukugawira laputopu kuchokera pa foni, pitaninso pa Properties ya wayifayiyo mu Windows nkuyatsa Metered connection, kuti Windows ichepetse zotenga yokha kuseri.

9. Zimene zidzakudabwitseni sabata yoyamba

Intaneti ichedwako. Uthenga wochoka ku Mzuzu kupita ku tsamba la ku Lilongwe tsopano ukuyamba wakafika ku Ulaya kapena ku America nkubwerera. Powerenga nkhani simuona kusiyana kwenikweni, koma pa msonkhano wa vidiyo mawu amachedwa kufika. Seva ikadzaza, dinani Change server kuti ikupatseni ina, ngakhale pa gawo laulere imakudikiritsani kanthawi musanasinthenso.

Google ikhoza kuyamba kukulankhulani Chidatchi kapena Chijapani, ndi kukufunsani kawirikawiri kuti musankhe zithunzi za mabasi ndi njinga. Laputopu sinagwidwe matenda. Mukugawana adiresi imodzi ndi anthu ambirimbiri, ndiye masamba amakukayikirani.

Mabanki ndiwo amakayikira kwambiri. Akaunti imene dzulo inalowedwa kuchokera ku Limbe, lero ikuoneka ikulowedwa kuchokera ku Amsterdam, makina awo akhoza kuganiza kuti ndi mbava nkukutsekerani. Pa netiweki yanu ya pakhomo kapena ya pa foni yanu, zimitsani VPN musanalowe ku banki. Tsamba la banki limakhala lomata kale palokha.

Ikakana kulumikiza, ingozungulira pa Connecting, yambani ndi zophweka: kodi intaneti ikuyenda VPN itazima? Kodi wotchi ili bwino? Zimenezi zikakhala bwino, pitani mu Settings ya pulogalamu, pa Protocol. Mupeza pali Smart, imene imasankha yokha njira. Ma netiweki ena a ku sukulu ndi ku maofesi amatseka njira zodziwika za VPN monga WireGuard. Pamenepo yesani Stealth, imene imapangitsa uthenga wa VPN kuoneka ngati kutsegula masamba wamba. Koma ngati eni netiweki analetsa VPN m'malamulo awo, kudutsa mozemba kungakuikeni m'mavuto ndi iwowo.

Dziwaninso kuti kudina X pa kona sikuzimitsa VPN. Pulogalamuyo imakabisala pafupi ndi wotchi, pa kamuvi koloza m'mwamba. Pamenepo ndi pamene muziyang'ana ngati yayaka kapena ayi.

10. Zimene VPN siingakuchitireni

Mukalowa mu Facebook kapena Gmail ndi dzina lanu, eni akewo akukudziwani, kaya mukuoneka ngati muli ku Tokyo. Zimene mwalemba pagulu ndi zanu ndithu, ndipo malamulo a dziko limene mukukhala akukukhudzanibe. Mukatsegula fayilo ya vairasi, VPN iibweretsa bwinobwino itamatidwa mu envulopu. Munthu akakuimbirani kunamizira kuti ndi wa ku kampani ya foni inu nkumupatsa nambala yachinsinsi, VPN ilibe chochita. Choncho Windows Security ikhale yoyaka, ndipo Windows Update muziilola kugwira ntchito mukapeza wayifayi yabwino. Ngati laputopu yanu ikadali pa Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo VPN siitseka mabowo amene amatsala m'makina osakonzedwanso. Pa Windows Update pomwepo muone ngati laputopuyo ingalandire Windows 11.